Masitepe abwino amayambira pa tepi yoyezera

Masitepe ena amatopetsa munthu asanafike n'komwe pakati. Ena amapunthwitsa pa sitepe yomweyomweyo tsiku lililonse. Nthawi zambiri vuto limakhala loti mmisiri anayamba kukhoma matabwa a konkire asanawerengere.

Muyeso woyamba ndi kutalika kuchokera pansi kufika pamwamba pa silabu ya chipinda cham'mwamba. Tinene kuti wapezeka mamilimita 2,800. Akaugawa ka 16, sitepe iliyonse ikwera 175, mulingo umene ngakhale agogo angaukwanitse. Akanagawa ka 13, bwenzi iliyonse ikukwera 215, ndipo wosenza ndowa ya madzi akanaimva m'mawondo.

Kenako pamabwera popondapo. Katswiri wa zomangamanga wa ku France, François Blondel, anaonetsa m'zaka za m'ma 1670 kuti kukwera ndi popondapo ziyenera kugwirizana ndi mmene munthu amaponyera mwendo. Masiku ano amisiri amatenga kukwera kawiri n'kuphatikizapo popondapo, ndipo yankho liyenera kukhala pakati pa 550 ndi 700. Apa 175 kawiri ndi 350. Kuwonjezera popondapo pa 270, zikwana 620. Zili bwino. Koma mopondamo mukhala 15 osati 16, chifukwa sitepe yomaliza ndi silabu yomweyo. Ndiye kuti masitepewa adya malo a mamilimita 4,050 pansi. Ngati chipinda n'chochepa, ndi bwino kuwakhotetsa n'kuika popumira pakati kusiyana n'kuwapanikiza.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa matailosi. Akayeza pa konkire yosamalizidwa, kenako pansi ndi m'mwamba n'kuthirapo matope a simenti ndi matailosi okhuthala mamilimita 50, sitepe yoyamba imatsala 125, yomaliza n'kufika 225. Phazi limazolowera muyeso umodzi, ndiye likapeza wosiyana limakodwa. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amalemba masitepe onse 16 pa thabwa lalitali lowongoka, kuyambira pamene matailosi adzathere, n'kuwajambula pakhoma ndi levulo asanakhome msomali.

Mutu nawonso umafuna malo ake: mamilimita osachepera 2,000 kuchokera m'mphepete mwa sitepe kupita m'mwamba. Silabu ikakhala yokhuthala 150, kunsi kwake kuli pa 2,650. Woima pa sitepe yachitatu ali ndi malo a 2,125, koma pa yachinayi atsala ndi 1,950 basi. Choncho bowo la pasilabu liyenera kutalika pafupifupi mamita 3.4, ndipo zimenezi azidziwe asanathire konkire, chifukwa kugumula pambuyo pake kumadula zitsulo zam'kati.

Chogwirira chikhale pakati pa mamilimita 900 ndi 1,000 kuchokera m'mphepete mwa masitepe, chobulungira moti dzanja n'kuchifumbata. Mpata wa pakati pa zitsulo zake usafike 100, kuopa kuti mwana angalowetsepo mutu. Nsanamira zake azizike m'konkire kapena azimange ndi mabawuti, osati kungozimata m'pulasitala. Wowotcherera akamaliza, munthu wamkulu achikankhe ndi mphamvu. Chikagwedezeka, ntchitoyo ibwerezedwe asanapake penti.