Mwaiwala pasiwedi ya rauta? Musathamangire kabowo ka RESET

Pa rauta iliyonse pamakhala mapasiwedi awiri, ndipo anthu ambiri amangodziwa imodzi. Yodziwika ndi ya wayifayi, ija mumapatsa mlendo akafuna kulumikiza foni yake. Inayo ndi ya adimini, yolowera patsamba limene mumasinthirapo dzina la netiweki, kuona amene alumikiza, kapena kuchotsa woyandikana naye nyumba amene akukutherani bandulo. Pasiwedi yachiwiriyi munthu amailemba tsiku limene rauta yafika, kenako pamatha zaka osaifunanso. Tsiku loifuna likakwana, m'mutu mumakhala mulibe kanthu.

Marauta ambiri a m'nyumba alibe njira yokukumbutsirani pasiwedi imeneyi. Chimene chimatsala ndi kufufuta zonse zimene zinaikidwamo, kuti rauta ibwerere mmene inalili pochoka kufakitale. Kufufutako kumatenga masekondi pafupifupi 10. Ntchito yeniyeni ndi imene muyenera kugwira musanadine batanilo, chifukwa rauta ikafufutidwa imaiwalanso njira imene imapezera intaneti, ndipo pamenepo simungathenso kufufuza thandizo kudzera pa iyo.

Choyamba tsimikizani kuti njira zina zathadi. Tembenuzani rauta muwerenge sitika ya kunsi kwake. Pamalembedwa adiresi ya tsamba lija, nthawi zambiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pomwe marauta ambiri a Huawei oika simukhadi amagwiritsa ntchito 192.168.8.1. Mwina pasiwedi siinasinthidwepo n'komwe. Marauta akale ambiri ankabwera ndi liwu loti admin pa dzina ndi pa pasiwedi pomwe. Onaninso mapasiwedi osungidwa mu Chrome kapena Firefox pa kompyuta imene munalowerapo kale, posaka ndi adiresi ya rautayo. Ndipo imbirani amene anadzakuikirani. Amisiri ambiri amaika pasiwedi imodzimodzi kulikonse kumene agwira ntchito, chizolowezi choipa ndithu, koma tsiku ngati limeneli chimapulumutsa. Musamangolota mapasiwedi motsatizana, chifukwa marauta ena amakutsekerani kunja kwa kanthawi mukalakwitsa kangapo.

Zonsezi zikakanika, dzifunseni funso ili: kodi intaneti imalowa bwanji mu rautayi? Ngati ndi ya simukhadi, nkhawa ndi yochepa. Bandulo yanu imasungidwa kukampani ya mafoni, osati mu rauta, choncho siitayika, ndipo marauta ambiri amazindikira okha APN ya simukhadiyo akayakanso. Muyenera kungodziwa PIN ngati simukhadiyo ili nayo, chifukwa rauta idzaifunsanso. Koma ngati intaneti imabwera ndi waya wochokera kukampani, samalani. Makampani ena amagwiritsa ntchito njira yotchedwa PPPoE, imene imafuna dzina ndi pasiwedi zoperekedwa ndi kampaniyo. Zimenezi zimakhala mkati mwa rauta, ndipo zimafufutika limodzi ndi zina zonse. Ena amakupatsani manambala okhazikika, amene patsamba la rauta amalembedwa kuti Static IP. Ngati rautayo ndi ya kampani, makamaka kabokosi kamene mumalowa waya wa faiba, musaifufute musanawaimbire. Nthawi zina amatha kukonza ali kuofesi kwawo, ndipo mukafufuta nokha mungadikire mmisiri masiku angapo.

Tiyerekeze kaofesi kamene kali ndi rauta ya TP-Link yolumikizidwa mwa PPPoE, laputopu imodzi, mafoni angapo ndi pulintala ya wayifayi. Amene anaika pasiwedi ya adimini anasiya ntchito kalekale. Mwini ofesi ayambe ndi kuimbira kampani ya intaneti, apemphe dzina ndi pasiwedi za PPPoE, n'kuzilemba papepala mosamala, zilembo zazikulu ndi zazing'ono mmene zilili. Kenako alembe dzina la wayifayi ndi pasiwedi yake. Ngati nayonso inaiwalika, laputopu ya Windows imene inalumikizidwapo kale imaisunga, ndipo imaonetsa mukalemba izi mu Command Prompt, m'malo mwa Ofesi n'kuika dzina la netiweki yanu:

```
netsh wlan show profile name="Ofesi" key=clear
```

Pasiwediyo imaoneka pamzere wolembedwa Key Content. Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti mukadzabwezera dzina lomwelo ndi pasiwedi yomweyo, mafoni ndi pulintala zidzalumikizika zokha ngati palibe chachitika. Aliyense amene anayesapo kulemba pasiwedi pa timabatani ta pulintala akudziwa kuti si ntchito yofuna kuibwereza.

Tsopano kufufuta kwenikweniko. Rauta ikhale yoyaka. Kudina batani ili yozima sikuchita kanthu. Pezani kabowo kolembedwa RESET kumbuyo kwake, pamene pa MiFi kamakonda kubisika pansi pa chivundikiro, pafupi ndi batire. Lowetsani kawaya kopanira mapepala kowongoledwa kapena kachitsulo kotsegulira simukhadi, osati singano yosongoka imene ingaboole batanilo. Dinani osasiya kwa masekondi pafupifupi 10, mpaka timagetsi takutsogolo tithwanime kapena kuzima tonse, kenako siyani. Pa marauta ena a TP-Link batani limodzi limalembedwa WPS/RESET, ndipo mukangolidina pang'ono limagwira ntchito ya WPS yokha, osafufuta kanthu. Mukasiya, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu osazula pulagi.

Chizindikiro choti zatheka chimaoneka pafoni: dzina lakale la wayifayi limasowa, m'malo mwake pamabwera lolembedwa pa sitika lija. Ngati dzina lakale likuonekabe, ndiye kuti rauta inangozima n'kuyakanso, ndipo muyenera kudinanso nthawi yotalikirapo.

Mwini ofesi uja alumikize laputopu ndi waya pa limodzi la mabowo olembedwa LAN, osati pa WAN, pomwe ndi polowera waya wa kampani. Waya ndi wabwino kuposa wayifayi pa ntchitoyi, chifukwa mukamasintha dzina la netiweki wayifayi imaduka muli pakati. Atsegule adiresi ya pa sitika. Ikakana kutseguka, lamulo la `ipconfig` limaonetsa adiresi yolondola pamzere wa Default Gateway. Marauta atsopano amakuuzani kuti mupange pasiwedi ya adimini nthawi yomweyo; akale amalola admin, ndipo muyenera kuisintha musanachite china chilichonse. Kenako pa Internet Connection Type asankhe PPPoE, alembe zimene anapatsidwa zija, n'kubwezera dzina ndi pasiwedi za wayifayi.

Apa mpamene ambiri amasokonezeka: foni ikuonetsa kuti yalumikizika, mizere ya wayifayi yadzaza, koma palibe tsamba likutseguka. Rautayo siinawonongeke. Foni ikulankhulana bwinobwino ndi rauta, koma rauta sinayambe kulankhulana ndi kampani. Pafupifupi nthawi zonse vuto limakhala chilembo cholakwika pa PPPoE, APN yolakwika, kapena waya wolowetsedwa pabowo losayenera. Ngati muli ndi makamera a chitetezo amene munkaonera pafoni muli kutali, n'kutheka kuti ankadalira zoikidwa pa Port Forwarding, ndipo amene anawaika ayenera kuzibwezera.

Zonse zikayamba kuyenda, pezani polembedwa Backup & Restore musunge fayilo ya zimene mwaika. Koma dziwani kuti pa marauta ambiri fayiloyo imabwezeretsanso pasiwedi ya adimini ya tsiku limene inasungidwa. Mukadzaibwezera mutaiwalanso pasiwediyo, mudzadzitsekera kunja kachiwiri. Choncho ilembeni pasiwediyo papepala limodzi ndi za PPPoE zija, n'kulisunga pamene mumasunga zikalata za ofesi, osati kulimata pa rauta pamene aliyense wodutsa angawerenge.