Agogo Aiwala

Tiyerekeze kuti tili m'mudzi wina pafupi ndi Fingoè, m'boma la Marávia. M'mudzimo muli agogo awiri, aamuna ndi aakazi. Onse awiri amaiwala, koma kuiwala kwawo n'kosiyana.

M'mawa agogo aamuna afuna kupita kumunda. Khasu sakuliona. Aima pakhomo n'kuganiza. Dzulo anacokera kumunda, anamwa madzi, kenaka anapita kunkhokwe. Apita kunkhokweko, ndipo khasu alipeza. Madzulo aitana mdzukulu wawo, koma achula dzina la mkulu wake. Ana aseka, agogonso aseka. Patapita kanthawi dzina lija labwera lokha.

Kuiwala kotere si matenda. Munthu akakalamba, miyendo imayenda pang'onopang'ono. Ubongo nawo umacedwa kupeza mawu. Koma cinthu coiwalikaco sicinatayike. Cimabwera cokha, kapena wina akawakumbutsa. Agogo aamuna amalimabe, amawerenga mbuzi zawo, ndipo njira zonse amazidziwa.

Tsopano tione agogo aakazi. Iwo aphika nsima kuyambira ali mtsikana. Caka catha anayamba kufunsa funso limodzi kambirimbiri. Amafunsa ngati ana adya. Tikawayankha, pakapita mphindi zisanu amafunsanso, ndipo sakumbuka kuti anafunsa kale. Patapita miyezi ingapo, anateleka mphika pamoto n'kuuiwala mpaka unapserera. Tsiku lina anagwira mthiko ndi ufa, koma osadziwa coyambira. Mcere anauika m'khola la nkhuku, ndipo atausowa anati wabedwa. Mwezi watha anasocera pocokera kumjigo, njira imene ayendamo zaka zambiri.

Kodi mwaona kusiyana kwake? Agogo aamuna anaiwala kumene anaika khasu, koma kulima sanaiwale. Agogo aakazi ayamba kulephera nchito zimene ankazidziwa bwino. Kuwakumbutsa sikuthandiza kwenikweni, ndipo vutoli likukula mwezi ndi mwezi.

Izi zikhoza kukhala zizindikiro zoyamba za matenda a ubongo ochedwa demensiya. Tizigawo ting'onoting'ono ta ubongo timawonongeka pang'onopang'ono. Mtundu wofala kwambiri ndi umene dokotala wa ku Jeremani, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Kawirikawiri zimayamba kutayika ndi zinthu zatsopano. N'cifukwa cake agogo angasimbe bwino za ukwati wawo, koma osakumbuka kuti adya m'mawa uno. Si kuti akunama, ndipo si mwano. Okalamba ambiri sadwala matendawa.

Mvetsetsani izi, ana inu. Agogo odwala cotere nthawi zina amatuluka usiku. Amayima pakhomo la eni, poganiza kuti ndi pawo. Amalankhula za anthu amene anamwalira kale ngati kuti alipo. Anthu ena akaona zimenezi amati ndi mfiti. Si ufiti, ndi matenda. Sapatsirana, conco mukhoza kudya nawo m'mbale imodzi. Dziko lathu la Mozambiki lili ndi lamulo la 2014 loteteza okalamba ku nkhanza. Mukawapeza atasocera, musawaseke. Achuleni dzina lanu, agwireni dzanja, mupite nawo kunyumba, ndipo muuze amayi kapena atate.

Kwa makolo

Cofunika kuyang'ana ndi nthawi. Demensiya imabwera mwakacetecete, pa miyezi ndi zaka. Ngati agogo anali bwino dzana, koma lero asokonezeka, akuwodzera kapena sakuzindikira anthu, imeneyo ndi nkhani ina. Akhoza kukhala malungo, cibayo, matenda a m'cikhodzodzo, kapena kucepa kwa madzi m'thupi. Ngati pakamwa papotoka kapena dzanja limodzi lafooka, mwina ndi sitiroko. Apa musadikire mawa, pitani nawo kucipatala tsiku lomwelo.

Ngakhale kuiwala kobwera pang'onopang'ono n'kofunika kukapimitsa. Zinthu zina zimafanana ndi demensiya koma zili ndi cithandizo. Munthu amene waferedwa akhoza kukhala ndi cisoni cacikulu n'kumaoneka ngati woiwala. Wosamva bwino sangakumbuke mawu amene sanawamve. Mowa wambiri nawonso umasokoneza mutu. Matenda a Alzheimer alibe mankhwala ocizira, koma kucepetsa kuthamanga kwa magazi kumateteza ubongo ku sitiroko, imene imawonjezera kuiwala.

Popita kucipatala, apite nawo munthu amene amakhala ndi agogo tsiku ndi tsiku, pakuti eni akewo mwina adzanena kuti ali bwino. Munthuyo afotokoze pamene vuto linayambira ndi nchito zimene agogo aleka kuzikwanitsa. Atengenso mankhwala onse amene agogo akumwa, ndi azitsamba omwe, kuti anamwino akawaone.