Mwezi umene wasowa mu lipoti la ndalama

Mwezi ukatha, abwana amafunsa wowerengera ndalama mafunso awiri: kuyambira Januwale tapeza zingati, nanga mwezi uno tayenda bwanji poyerekeza ndi watha? Kumene malonda amasungidwa mu databesi, mayankho onse awiri amachokera ku chida cha chinenero cha SQL chotchedwa windo fankishoni. PostgreSQL inachilandira mu 2009, pomwe MySQL ndi SQLite zinadikira mpaka 2018.

Nzeru yake njakuti mzere uliwonse wa mu tebulo umakhala pamalo pake, koma umaloledwa kusuzumira mizere inzake. Malichi amatha kuona zimene Januwale ndi Febuluwale anapeza popanda kusakanizidwa nawo, kusiyana ndi GROUP BY amene amaphatikiza mizere yambiri kukhala umodzi.

Mwachitsanzo, sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza yagulitsa katundu wa K4,000,000 mu Januwale, K5,000,000 mu Febuluwale ndi K3,500,000 mu Malichi. Tebulo lake lili ndi mzere umodzi pa mwezi, ndipo lamulo lake ndi ili:

```sql
SELECT mwezi, ndalama,
  SUM(ndalama) OVER (ORDER BY mwezi) AS zonse,
  ndalama - LAG(ndalama) OVER (ORDER BY mwezi) AS kusintha
FROM malonda;
```

SUM amawonkhetsa kuyambira pamwamba mpaka pa mzere umene waima, choncho Januwale aonetsa K4,000,000, Febuluwale K9,000,000 ndipo Malichi K12,500,000. LAG amatenga nambala ya mzere wam'mbuyo. Febuluwale wakwera ndi K1,000,000, imene ndi 25 peresenti, ndipo Malichi watsika ndi K1,500,000, imene ndi 30 peresenti ya zimene Febuluwale anapeza. Januwale alibe womuyerekeza naye, n'chifukwa chake pamalo pake pamatuluka NULL, ndipo apo palibe cholakwika. Chofunika n'chakuti mwezi usungidwe ngati deti. Ukalembedwa ndi dzina, kompyuta idzandandalika motsatira alifabeti, Epulo n'kutsogolera Januwale.

Vuto lenileni limabisala mwa LAG. Iye sadziwa kalendala. Chimene amadziwa ndi mzere umene wamutsogolera basi.

Tinene kuti sitolo ija inatsekedwa mwezi wonse wa Epulo pokonza denga, kenako mu Meyi n'kugulitsa katundu wa K4,200,000. Popeza mu Epulo simunalowe lisiti ngakhale limodzi, m'tebulo mulibe mzere wake. LAG adzalumpha n'kuyerekeza Meyi ndi Malichi, ndipo lipoti lidzati malonda akwera ndi K700,000, kapena kuti 20 peresenti, pa mwezi watha. Abwana adzasangalala, osadziwa kuti “mwezi watha” umenewo ndi wa miyezi iwiri yapitayo. Choopsa kwambiri n'chakuti kompyuta sidandaula, ndipo chiwonkhetso cha K16,700,000 chidzagwirizana ndendende ndi za m'mabuku. Munthu akaona kuti nambala yapansi yagwirizana, kawirikawiri sayang'ananso zapakati.

Mankhwala ake ndi kuyamba ndi mndandanda wa miyezi yonse, kenako n'kulumikizako malonda pogwiritsa ntchito LEFT JOIN. Mu PostgreSQL mndandandawu umapangidwa ndi generate_series, ndipo COALESCE amaika 0 pamene palibe ndalama. Zikatero Epulo aonekera ndi K0 komanso kutsika kwa 100 peresenti, zomwe ndi zoona ngakhale sizikoma kuziwerenga.

Koma ziro ameneyu amabweretsa lake vuto. Peresenti ya Meyi ikufuna kugawa ndi za Epulo, ndipo PostgreSQL ikauzidwa kugawa ndi 0 imaimitsa lamulo lonse. Odziwa ntchitoyi amalemba motere:

```sql
100.0 * (ndalama - LAG(ndalama) OVER (ORDER BY mwezi))
  / NULLIF(LAG(ndalama) OVER (ORDER BY mwezi), 0)
```

NULLIF amasandutsa ziro kukhala NULL, ndiye Meyi atsala wopanda peresenti. Ndi bwino kutero, chifukwa kuchoka pa K0 kufika pa K4,200,000 kulibe peresenti yomveka. Lipoti lingoonetsa kusiyana kwa makwacha. Kadontho ka mu 100.0 nakonso kali ndi ntchito, pakuti PostgreSQL ikamagawa manambala athunthu imataya zotsalira.

Pali msampha winanso pamene chaka chikusintha. WHERE amagwira ntchito LAG asanayambe kuyang'ana, motero wosankha miyezi ya chaka chimodzi chokha amakhala wachotsa kale Disembala amene Januwale akanayerekezedwa naye. Njira yake ndi kuwerengera miyezi yonse kaye, kusefa pambuyo. SUM yekha ndiye amapatsidwa PARTITION BY wa chaka cha ndalama kuti chiwonkhetso chiziyambiranso, ndipo chakacho sichiyamba mu Januwale kulikonse. Cha boma la Malawi chimayamba pa 1 Epulo.

Wolandira lipoti safunika kudziwa SQL kuti agwire cholakwikachi. Asanayang'ane maperesenti, awerenge kaye mizere. Lipoti la Januwale mpaka Meyi liyenera kukhala ndi mizere 5, ndipo likabwera ndi 4 libwezedwe kwa amene walikonza.