Chifukwa chimene ampulifaya imasasitsira mawu ndi njira yochepetsera vutoli

Ntchito ya ampulifaya ndi kulandira kamagetsi kofooka kochokera ku maikolofoni, gitala kapena foni, n'kukakulitsa mpaka kathe kugwedeza sipika. Ampulifaya yangwiro ikanangokulitsa basi, osasintha kaonekedwe ka funde la magetsiwo. Koma yotero kulibe. Iliyonse imapotozako fundelo pang'ono, ndipo kupotozako kumabala mawu ena amene sanalowemo.

Poyesa, amisiri amalowetsa liwu limodzi loyera, nthawi zambiri lonjenjemera ka 1,000 pa sekondi, lomwe limalembedwa 1000 Hz. Potulukira amapezapo liwu lomwelo litakula, komanso timawu tina pa 2000 Hz, 3000 Hz, 4000 Hz mpaka m'tsogolo. Timawu timeneti ndi mahamoniki. Onse akaphatikizidwa n'kuyerekezedwa ndi liwu lenileni lija, pamatuluka nambala imene pa mapepala a zipangizo za mawu imalembedwa THD, ndipo imaperekedwa m'maperesenti.

Kuphatikiza kwake sikungowonkhetsa wamba. Mphamvu ya hamoniki iliyonse imachulukitsidwa ndi iyo yokha, zotsatirazo n'kuwonkhetsedwa, kenako n'kupeza muzu wake:

```
THD = √(V2² + V3² + ...) / V1
```

Mwachitsanzo, ampulifaya ina ikutulutsa mavoti 10 pa 1000 Hz, mavoti 0.3 pa hamoniki yachiwiri ndi mavoti 0.4 pa yachitatu. Apa 0.09 kuphatikiza 0.16 ndi 0.25, muzu wake ndi 0.5, ndipo 0.5 kugawa ndi 10 ndi 5 peresenti. Ampulifaya zabwino za masiku ano sizifika ndi 0.1 peresenti yomwe zikamagwira ntchito pamlingo wake.

Nambalayi payokha siinena zonse. Hamoniki yachiwiri imagwirizana ndi liwu lenileni, chifukwa ndi noti yomweyo yoimbidwa m'mwamba, choncho khutu siliidandaula kwenikweni. Yachisanu ndi chiwiri kapena yachisanu ndi chinayi siigwirizana nalo, ndipo ngakhale ichepe imamveka yolasa m'khutu. N'chifukwa chake ampulifaya ziwiri za THD yofanana zimatha kumveka mosiyana.

Gwero loyamba la vutoli lili m'transisita momwemo. Magetsi oilamulira akawirikiza, magetsi odutsamo sawirikiza chimodzimodzi, amakwera mokhota. Mbali ya m'mwamba ya funde imatha kukulitsidwa kuposa ya m'munsi, ndipo kusiyana kotereku kumabala hamoniki yachiwiri ndi yachinayi. Mbali zonse ziwiri zikapotozedwa mofanana, zimene zimatuluka ndi yachitatu, yachisanu ndi zinzake.

Gwero lina lili pamene matransisita awiri otulutsa mphamvu amapatsirana ntchito. M'maampulifaya ambiri imodzi imakankha sipika, inzake n'kuikoka. Transisita ya silikoni siyamba kudutsitsa magetsi isanalandire mavoti pafupifupi 0.6, ndiye pamene funde likudutsa pa ziro pamatsala kampata kamene zonse ziwiri zili zii. Chizindikiro chake n'chakuti mawu amakanda kwambiri voliyumu ikakhala yotsika, poti kampatako kamadya gawo lalikulu la funde laling'ono. Mankhwala ake ndi kusiya kamagetsi kochepa kakuyenda m'matransisita onse awiri nthawi zonse, ndipo mmisiri amene wasintha matransisitawa ayenera kukachunanso.

Gwero lodziwika kwa aliyense ndi lija lomveka pa zikwati ndi m'misika voliyumu ikakwezedwa mpaka pamapeto. Ampulifaya yodyetsedwa mavoti 35 mbali iliyonse singatulutse oposa pamenepo. Ikakakamizidwa, nsonga za funde zimametedwa n'kukhala zafulati, zomwe zimaoneka bwino pa osilosikopu. Funde lometedwa mpaka kukhala la makona limakhala ndi THD ya pafupifupi 48 peresenti.

Njira yochepetsera kupotoza inatulukiridwa ndi Harold Black, injiniya wa ku Bell Telephone Laboratories ku America. Pa nthambo za telefoni zopita kutali pankaikidwa maampulifaya ambiri motsatizana, iliyonse n'kumawonjezera kupotoza kwake, moti makambirano odutsa pa nthambo imodzi ankasokonezana. Pa 2 Ogasiti 1927, ali pa boti lowolotsa anthu pa mtsinje wa Hudson popita kuntchito, Black anajambula ganizo lake pa tsamba la nyuzipepala ya New York Times. Chiphaso cha umwini wa luso lakelo anachilandira mu 1937.

Ganizolo ndi fidibaki yotsutsa. Kagawo ka magetsi otuluka kamabwezedwa polowera n'kuchotseredwa pa magetsi olowa, ndipo ampulifaya imakulitsa kusiyana kwa ziwirizo. Hamoniki ikabadwa mkati, imapezeka potulukira pomwe polowera kulibe. Kagawo kake kakabwezedwa kamalowa katatembenuka, n'kukulitsidwa, n'kukafafaniza mbali yaikulu ya hamoniki yomwe ija. Zimenezi n'zosiyana ndi kulira kwa maikolofoni ikayandikira sipika, kumene mawu obwerera amawonjezera m'malo mochotsera.

Masamu ake ndi aafupi. Ngati A ndi kuchuluka kwa mmene ampulifaya imakulitsira popanda fidibaki, ndipo B ndi kagawo kobwezedwa, kukulitsa kwatsopano ndi uku:

```
G = A / (1 + A × B)
```

Kupotoza nakonso kumagawidwa ndi nambala yomweyo ya 1 + A × B. Tinene kuti ampulifaya ya 5 peresenti ija imakulitsa ka 1,000. Potulukira paikidwa marezisita awiri motsatizana, ya maomu 19,000 ndi ya maomu 1,000, ndipo magetsi obwezedwa akutengedwa pa yaing'onoyo. Kagawoko ndi limodzi mwa magawo 20, kapena 0.05. Ndiye A × B ndi 50, kuwonjezera 1 ndi 51. Pa mavoti 10 omwe aja, THD yatsika kuchoka pa 5 peresenti kufika pafupifupi 0.1 peresenti.

Mtengo wake ndi kukulitsa, komwe kwatsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 19.6. Poyamba mavoti 0.01 ankakwanira kutulutsa mavoti 10, tsopano pakufunika 0.51. Kusinthanitsa kumeneku n'kwaphindu, chifukwa kukulitsa magetsi aang'ono mosapotoza n'kosavuta ndiponso n'kotchipa. Phindu linanso n'lakuti kukulitsa tsopano kukudalira marezisita, amene sasintha kwenikweni akatentha monga achitira matransisita. A atatsika kufika pa 500, kukulitsa kungangotsika kufika pa 19.2.

Fidibaki ili ndi malire. Mawu akamakwera m'mwamba, A amachepa, choncho THD ya pa 10,000 Hz imakhala yaikulu kuposa ya pa 1000 Hz. Kumeneko magetsi amachedwanso podutsa m'ampulifaya, ndipo kuchedwako kukafika theka la funde pamene A × B akadali woposa 1, zobwezedwa zimayamba kuwonjezera. Ampulifaya imayamba kulira yokha, kawirikawiri pa liwu lokwera kwambiri losamveka ndi khutu, n'kumatentha popanda nyimbo iliyonse. Harry Nyquist, wa ku Bell komweko, anafalitsa mu 1932 lamulo lodziwira ngati ampulifaya ikhazikike, ndipo opanga amaikamo kapasita yaing'ono yotsitsa dala A pa mawu okwera.

Kumetedwa kwa funde ndiye fidibaki singakukonze n'komwe, chifukwa singapange mavoti amene kulibe. Ampulifaya ya fidibaki yambiri imamveka bwino mpaka pamalire ake, kenako THD imakwera mwadzidzidzi. Pa chifukwa chimenechi, mawati olembedwa pa bokosi ayenera kuwerengedwa pamodzi ndi THD imene anayezera. Mawati 100 pa 10 peresenti ndi a ampulifaya imene yayamba kale kumeta funde, ndipo mphamvu yake yoyera ndi yocheperapo kuposa ya inzake yotulutsa mawati 100 pa 0.1 peresenti.