Katundu Akachedwa Kufika pa Neno Boma

Tiyerekeze mwini golosale wa pa Neno Boma amene amaoda shuga ndi mafuta ophikira ku Blantyre. Anagwirizana ndi wogulitsa kuti galimoto izifika Lachiwiri, koma katatu konse yafika Lachisanu.

Ine ndimati kukalipa pa foni sikuthandiza, chifukwa mawu a pa foni sasiya umboni. Mwini golosaleyu alembe kalata yotchula nambala ya invoisi iliyonse, tsiku limene anagwirizana ndi tsiku limene katundu anafikadi. N'chifukwa chake posainira katundu azilembanso deti pambali pa dzina lake.

Wogulitsayo adzanamizira msewu, ndipo sadzanama kwenikweni: mvula ikagwa, msewu wadothi wokwera ku Boma umaterera, malole n'kumatitimira. Koma zimenezi zimadziwika chaka chilichonse. Choncho kalatayo ipemphe kuti kuyambira Disembala mpaka Malichi katundu azinyamuka tsiku limodzi msanga, ndiponso dalaivala aziimba foni akafika pa Zalewa.

Pomaliza alembe mwaulemu kuti: "Bwana, chonde mutiyankhe mwa kalata pasanathe masiku 7. Katundu akachedwanso, tidzayamba kulipira akafika, osati poodapo."