Meseji ya kuchipatala ikasochera

Foni ikalira madzulo n'kupeza uthenga woti mawa mukufunika kuchipatala 8 koloko m'mawa, ambiri amaganiza kuti pali kalaliki amene wawakumbukira. Kawirikawiri kalalikiyo amakhala ataweruka kalekale. Watumiza uthengawo ndi pulogalamu ya pakompyuta imene inapatsidwa ola lodzukira tsiku lililonse. Pulogalamuyi siiwala ndipo sitopa, koma sikudziwani inuyo. Imadziwa nambala basi.

Pa makompyuta ambiri amene amagwira ntchito zotere, wodzutsa pulogalamuyo ndi kachipangizo kakalekale kotchedwa `cron`. Amakalembera mzere umodzi:

```
0 14 * * * /opt/chipatala/tumiza.sh
```

Mzerewu ukutanthauza kuti tsiku lililonse, koloko ya kompyutayo ikangokwana 14:00, ntchito iyambe. Chofunika kufunsa n'chakuti koloko yake ndi ya kuti. Makompyuta ambiri obwereka kunja amayendera nthawi ya `UTC`, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi, choncho 14:00 yawo ndi 4 koloko madzulo kuno. Woiwala zimenezi akhoza kukonza zoti mauthenga azipita 8 koloko usiku, koma anthu n'kumadzidzimutsidwa 10 koloko ali m'tulo.

Tiyerekeze chipatala china chaching'ono chimene chili ndi anthu 60 oti abwere Lachitatu. Lachiwiri madzulo pulogalamu imatsegula kaundula n'kutola maina onsewo. Imachotsa amene sanasiye nambala ndi amene anakana kulandira mauthenga, kenako imapereka otsalawo kwa kampani yotumiza mameseji ambiri nthawi imodzi. Uthenga uliwonse ukapita, imaika chizindikiro pa dzinalo. Chizindikirochi chimaoneka chachabechabe mpaka tsiku limene magetsi azima ntchito ili pakati. Pulogalamu ikayambiranso popanda chizindikirocho, anthu amene analandira kale amalandiranso kachiwiri, ena n'kuyamba kuganiza kuti kuchipatala kwapezeka zoopsa.

Mavuto enieni ali pa nambala. Nambala ya foni ya m'manja ku Malawi ili ndi manambala khumi, monga zoyamba ndi 088 za TNM ndi 099 za Airtel. Potumiza, pulogalamu imachotsa ziro wakutsogolo n'kuikapo +265, ndipo pambuyo pakepo payenera kutsala manambala asanu ndi anayi. Kalaliki akalumpha nambala imodzi, kompyuta imawerenga n'kuona kuti yaperewera, ndiye imaiika pambali kuti munthu aikonze. Ngakhale ziro amene Excel imakonda kumeza munthu akalemba nambala ya foni ngati chiwerengero wamba savuta kubwezeretsa.

Kulakwa kumene kompyuta singakuone ndi kwa nambala yokwanira bwinobwino koma ya munthu wina. Mayi wanena 47, kalaliki pakati pa phokoso la kusikelo walemba 74. Manambala akwana, uthenga wapita, ndipo kampani yabweza lipoti loti `DELIVERED`. Lipoti limeneli limangotsimikiza kuti uthenga walowa m'foni ina yake imene inali yoyatsa. Silinena kuti foniyo ili m'manja mwa ndani. Ikhoza kukhala ya mphunzitsi wa ku Karonga pomwe wodwala ali ku Mulanje. Komanso nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, makampani a foni amaitenga n'kuipereka kwa kasitomala watsopano, ndiye nambala yomwe inali yolondola chaka chatha lero ndi ya mwini wina. Onjezanipo foni ya pabanja imene amasunga ndi bambo, kapena ya aneba imene munthu anaitchula chifukwa iye alibe yake.

N'chifukwa chake uthenga wokumbutsa uyenera kulembedwa ngati kuti auwerenga ndi apongozi. Tsiku, ola ndi nambala yoti munthu aimbe ngati sakwanitsa kubwera, zimenezo zakwana. Dzina la matenda, la mankhwala, ngakhale la chipinda chimene munthu akalowe, zisapezekemo. Chikumbutso chotchula ma ARV kapena sikelo ya amayi oyembekezera chikagwera m'foni yolakwika chimaulula chinsinsi chimene mwini wake anali asanakonzeke kuuza aliyense, ndipo mawu akatuluka sabwezedwa. Kufupikitsaku kumapulumutsanso ndalama. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo cha ŵ, chomwe sichili pa mndandanda wa zilembo wamba za mameseji, malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wa zilembo 150 umadulidwa patatu, ndipo chipatala chimalipira katatu.

Njira yotchipa yogwirira nambala yolakwika ili pawindo polembetsera. Kalaliki aiwerenge mokweza, kenako aifulashe munthuyo ali pomwepo. Foni ikalira m'chikwama, nambala ndi yomweyo. Ngati foniyo yatsala kunyumba, afunse kuti ndi ya ndani, ndipo ngati mwini wake angawerenge uthengawo popanda vuto. Funsoli liyenera kubwerezedwa ulendo uliwonse, chifukwa anthu amasintha masimu kuposa mmene amasinthira mabuku a kuchipatala.

Nanga munthu akati sakufunanso mauthengawa? Pano ndi pamene mapulogalamu ambiri amachitira manyazi eni ake. Kumapeto kwa uthenga amalemba kuti wosafuna ayankhe `STOP`, pomwe uthengawo wachokera ku dzina, osati ku nambala. Meseji yoonetsa dzina la chipatala pamwamba siyankhika. Wokanayo amalemba, foni imakana kutumiza, mwezi wamawa uthenga ulinso pakhomo. Ngati chipatala chikufuna mayankho, chiyenera kukhala ndi nambala yolandirira, ndipo pulogalamu imve mawu amene anthu amalembadi: `siyani`, `musanditumizirenso`, `nambala yolakwika`. Yankho limene siikulimvetsa ilipereke kwa munthu, isalitaye.

Mayankho awiriwa sakufanana. Wolemba kuti siyani ndi wodwala wanu amene wakana mameseji okha. Sanakane chithandizo, ndipo tsiku lake lobwera lisafufutidwe. Wolemba kuti nambala yolakwika wakuuzani zinthu ziwiri: iyeyo mumusiye, komanso pali wodwala wina amene sanalandire chikumbutso chilichonse. Pa kaundula wa wodwalayo paikidwe chizindikiro choti akadzangofika afunsidwe nambala yeniyeni.

Kukana kumeneku kusungidwe pa mndandanda wakewake, ndipo pulogalamu iziuyang'ana pa mphindi yotumiza, osati pa nthawi yotola maina. Ngati maina atoledwa m'mawa, munthu n'kukana masana, uthenga wa 4 koloko usamupeze. Chomwe chimachitikanso kawirikawiri n'chakuti wina amakopera kaundula wakale pamwamba pa watsopano, onse amene anakana n'kubwereranso m'gulu la olandira. Chizindikiro chake sichivuta kuona: nambala imodzimodziyo ikukana kachiwiri. Izi si nkhani ya ulemu wokha, pakuti kuyambira 2024 dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa ndi mabungwe, ndipo woliyang'anira ndi MACRA.

Inu amene mwalandira chikumbutso chosakhala chanu, musangochifufuta n'kung'ung'udza. Ngati pali nambala yoimbira kapena yoyankhira, auzeni kuti asochera, osapereka dzina lanu, nambala ya chiphaso kapena ndalama iliyonse. Ndipo mukasintha simu, kanenani pawindo la kuchipatala ulendo wotsatira, chifukwa pulogalamu ipitiriza kutumiza ku nambala yakale mpaka wina ataiuza kuti isiye.