Intaneti ya misonkhano ya pa kanema: fayiba, mlongoti kapena bandulo?

Wogwirira ntchito kunyumba akamasankha intaneti amayamba kufunsa za liwiro, koma msonkhano wa pa kanema sufuna liwiro lalikulu. Pa Zoom, kanema wa 720p wa anthu angapo amafuna pafupifupi 2.6 Mbps potumiza ndi 1.8 Mbps polandira. Chimene chimaononga msonkhano ndi kusakhazikika kwa netiweki: mawu kudukaduka, nkhope kuuma pa sikirini, anzanu n'kumangoti, "Sitikukumvani, bwerezaninso."

Fayiba ndiyo yokhazikika koposa. Uthenga umayenda ngati kuwala m'kachingwe kagalasi mpaka m'nyumba, choncho mvula siisokoneza, ndipo potumiza imakhala yamphamvu. Vuto lake n'lakuti sinafike m'madera ambiri, ndipo chingwe chikadulidwa ndi okumba ngalande mumadikira amisiri.

Njira yachiwiri ndi kumangirira mlongoti padenga, woloza nsanja ya kampani. Imathandiza kumene fayiba kulibe, bola pakati pa denga lanu ndi nsanjayo pasakhale chotchinga. Mtengo wa mango umene unali waufupi tsiku loika mlongoti ukhoza kudzatchinga njira ukakula, ndipo mphepo ikapotoza mlongotiwo netiweki imafooka.

Bandulo ya pa foni, kaya ya TNM kapena Airtel, ndi yosavuta kuyamba nayo, koma nsanja imodzi mumagawana ndi onse a m'dera lanu. N'chifukwa chake imathamanga m'mawa n'kumakwawa madzulo, ngakhale timizere ta netiweki titadzaza. Imathanso msanga. Pa liwiro tatchula lija, msonkhano wa ola limodzi ukhoza kudya pafupifupi 2 GB. Wochita misonkhano maola awiri pa tsiku kwa masiku 20 akhoza kufika 80 GB pa mwezi.

Musanalipire kampani iliyonse, yesani netiweki yake kwa mnansi amene ali nayo kale, pa nthawi imene mumachita misonkhano. Pa kompyuta ya Windows lembani izi:

```
ping -n 100 8.8.8.8
```

Manambala akamasinthasintha pang'ono, monga pakati pa 60 ndi 80 ms, zili bwino. Akamalumpha kufika 400 ms, kapena mukamaona `Request timed out` mobwerezabwereza, mawu adzadukaduka ndithu. Zoom imalangiza kuti kuchedwaku kusapitirire 150 ms.

Kumbukiraninso kuti magetsi akathima, rauta ndi kabokosi ka fayiba zimathima nawo, choncho muzilumikize ku batire. Kompyuta muilumikize ku rauta ndi waya, chifukwa makoma a njerwa amafooketsa Wi-Fi.

Ngati fayiba yafika kwanuko, tengani imeneyo. Ngati sinafike koma nsanja ikuoneka muli padenga, ikani mlongoti. Bandulo ya pa foni muisunge ngati yopulumukira tsiku limene zinazo zakanika.